Malita a mu thanki pamene mpopi ukufooka

*"Mwana wanga ali Giredi 12 kuno ku Joni, amatenga masamu a tekiniko. Anawapatsa funso lakuti madzi akulowa mu thanki pa r(t) = 600 − 100t malita pa ola, ndiye apeze malita olowa m'maola 4. Iye anapeza 2400 koma aphunzitsi anamuthetha. Walakwa pati?" — Mayi wa ku Rosettenville*

Mayi, mwanayo wachulukitsa 600 ndi 4, ngati kuti mpopiwo unathamanga chimodzimodzi nthawi yonse. Koma 600 ija ndi ya poyambira pokha. Ola lililonse mphamvu ya madzi ikutsika ndi 100, moti pokwana maola 4 akungolowa malita 200 pa ola.

Muonetseni ndi ndowa ya malita 20. Madzi akangobwera, ndowa ikudzaza m'mphindi 2, omwe ndi malita 600 pa ola. Pakutha pa maola 4, ndowa yomweyo ikutenga mphindi 6. Amene mumatunga madzi akangobwerera m'mipopi mukudziwa kuti zimatero ndithu.

Chimene aphunzitsi akufuna ndi intigireshoni, kuphatikiza timadzi tonse tolowa kamphindi kalikonse. 600 achulukitse ndi t, yemwe akuimira maola, kuti ikhale 600t. Pa 100t, t akwere kukhala t², ndipo 100 agawidwe ndi 2. Zikatero apeza V(t), malita onse olowa m'maola t:

```
V(t) = 600t − 50t²
V(4) − V(0) = 2400 − 800 = 1600
```

Yankho ndi malita 1600. Onani kuti 2400 yake ija ilimo. Chimene anasiya ndi malita 800 amene sanalowe chifukwa mpopi unkafooka.

Ine ndimakonda ana azitsimikiza yankho ndi njira ina asanapereke pepala. Pakati pa 600 ndi 200 pali 400, ndipo 400 kuchulukitsa ndi maola 4 ndi 1600 yomweyo. Akajambula girafu, nambala imeneyi ndi kukula kwa malo ali pansi pa mzere kuchokera pa 0 kufika pa 4. Koma chidule chotenga chapakatichi chikugwira chifukwa mzerewu ndi wowongoka. Mu r(t) mukangopezeka t², mzere umapindika, ndipo chidulecho chimunamiza.

Awerengetsetsenso funso. Intigireshoni ikupereka madzi amene alowa, osati amene ali mu thanki. Akanena kuti munali kale malita 500 n'kufunsa amene alimo tsopano, yankho ndi 2100. Ndipo fomulayi imathera pa maola 6, pamene r(t) yafika pa 0. Kupitirira apo ikupereka nambala za mayinasi, ngati kuti thanki yayamba kubweza madzi.

Musamubwerekere buku la mnzake wa masamu wamba a matiriki, chifukwa intigireshoni mulibemo, muli difarenshiyeshoni yokha. Afune mapepala akale a mayeso a masamu a tekiniko, pepala loyamba. Ngati akuganiza za uinjiniya ku koleji ya TVET, mutuwu akaupezanso m'masamu a N4, choncho augwire panopa.