Imelo yothokoza itatha intavyu: bwererani ku funso lomwe linakugwetsani

"Dzulo ndinali ndi intavyu pa Zoom ndi mapulofesa awiri a yunivesite ina ku Amereka, ya mastazi ya zaumoyo. M'chikalata chofotokoza cholinga changa ndinalemba kuti katemera ndiye anachepetsa kolera kwathu ku Mangochi. Mmodzi anandifunsa kuti ndikudziwa bwanji kuti sikunali kutha kwa mvula, ine kakasi. Ndilembe imelo yothokoza? Ndinenemo zotani?"

Lembani achimwene, lero lomwe kapena mawa. Ku Amereka ndi mwambo wozolowereka, ndipo imayenera kufika masiku awiri asanathe, akadakukumbukirani nkhope. Aliyense mumulembere yake, ndipo mawu asafanane, chifukwa anthuwa amakhala pansi limodzi posankha ophunzira. Yambani ndi "Dear Professor" ndi dzina la bambo awo. Zowathira ulemu wodzaza ndime yonse, monga timachitira polembera abwana kuno, zisiyeni. Chiganizo chimodzi chothokoza chikwana.

Mtima wa imeloyo ukhale funso la mvulalo. Musapepese kuti munasokonezeka, komanso musaumirire zomwe munalemba zija. Pulofesayo sanalakwe: kolera amatsika mvula ikamatha ngakhale popanda katemera, ndiye kutsika kokhako si umboni. Auzeni kuti funso lawo mwaliganizira, ndipo mwaona kuti chikalata chanu chinanena motsimikiza kuposa umboni umene muli nawo. Kenako nenani momwe mungafufuzire: kuyerekeza madera omwe analandira katemera ndi omwe sanalandire, m'masabata omwewo, mvula ili yofanana. Mukhoza kuwonjezera kuti kuyambira Okutobala 2022 katemera wakumwayu ankaperekedwa kamodzi m'malo mwa kawiri chifukwa anali wochepa padziko lonse, choncho m'pofunikanso kuona kuti chitetezo chake chinakhala nthawi yaitali bwanji. Ziganizo zitatu kapena zinayi basi. Chimene akufuna kuona n'chakuti mukatsutsidwa mumaganiza, simukwiya.

Chenjerani ndi chimodzi: musabweretse zatsopano zosemphana ndi chikalata chija. Ngati munalemba kuti munkathandiza kulemba mayina a odwala, musasanduke mtsogoleri wa kafukufuku m'imelo. Chikalatacho chili m'faelo mwawo, adzayerekeza.

Akapanda kuyankha musadandaule, ambiri sayankha. Musatumizenso ina yofunsa ngati analandira. Kalata yachiwiri imalembedwa pa zifukwa ziwiri zokha. China n'chakuti tsiku lomwe anati adzakuuzani zotsatira ladutsa ndi sabata yathunthu, ndipo apo mulembere ofesi yolandira ophunzira, osati pulofesa. China n'chakuti pachitika chatsopano chokhudza zomwe munalemba, monga zotsatira za mayeso kapena chilolezo cha kafukufuku amene munati mukudikira. Koma musanatumize chilichonse, werenganinso imelo yomwe anakuitanirani ku intavyu. Masukulu ena amaletsa kulembera mapulofesa mwachindunji, ndiye zikatero tumizani ku ofesi, muwapemphe akuperekereni.