Kolesitero wanga wakwera, ndisiye mazira?

"Ndili ndi zaka 46, ndine bambo. Pepala la kuchipatala lalembedwa TC 6.8, HDL 1.1, TG 2.2, LDL 4.7. Koma sindikumva kupweteka paliponse. Ndisiye mazira?"

Achimwene, kolesitero sapweteka. Amangomatirira pang'onopang'ono m'mitsempha kwa zaka, ndipo ambiri amadzadziwira pa sitiroko kapena matenda a mtima.

Pa manambala anayiwo, diso lanu likhale pa LDL, chifukwa ndiye mtundu wa kolesitero umene umatseka mitsempha. Kwa munthu wopanda matenda ena timafuna akhale pansi pa 3.0 mmol/L, ndiye 4.7 wanuyo wakwera ndithu. TC ndi chiwonkhetso chabe cha kolesitero yense, chofunika kukhala pansi pa 5. HDL ndi uja amabweza kolesitero kuchiwindi. Kwa amuna apose 1.0, ndiye inu mwangodutsa pang'ono. TG ndi mafuta a mtundu wina, oyenera kukhala pansi pa 1.7, koma amakwera mukangodya. Ngati magazi anakutengani mutadya kale, 2.2 ameneyo asakudetseni nkhawa kwambiri.

Mazira si amene akulakwirani kwenikweni. Kolesitero wambiri amapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ndipo chimene chimamuchulukitsa m'magazi ndi mafuta aja amagwirana akazizira: a nyama yang'ombe, yambuzi ndi yankhumba, khungu la nkhuku, soseji, batala, mafuta a kanjedza. Ngati masana aliwonse mumaima pachiwaya, yambirani pamenepo. Koma musangochotsa n'kudzazapo nsima yoyera ndi buledi, chifukwa TG adzakwera. M'malo mwake ikani nsinjiro m'masamba, mapeyala, usipa, ndipo muziphikira mafuta a mpendadzuwa kapena a soya pang'ono. Nyemba, nandolo, khobwe ndi therere zimagwira ndulu m'matumbo n'kutuluka nayo, ndiye chiwindi chimatapa kolesitero m'magazi kuti chipange ndulu ina. Muzidya zimenezi pafupifupi tsiku lililonse, osati pokhapo mwezi ukakhala pakati.

Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, kuchepetsa mimba, mowa ndi zakumwa za shuga kumatsitsa kwambiri TG, pomwe LDL amangosuntha pang'ono. Madzi a mandimu m'mawa, amene amatchuka kwambiri, sasungunula kanthu.

Tiwerengere limodzi. Kusintha kadyedwe mwakhama kumatsitsa LDL ndi 10 mpaka 15 peresenti mwa anthu ambiri, kutanthauza kuti 4.7 afika cha pa 4.0 kapena 4.2. Akadali pamwamba. Mankhwala ngati atovasitatini amatsitsa ndi 30 mpaka 50 peresenti. Choncho yesetsani miyezi itatu, mukayezetsenso musanadye kanthu m'mawa. Koma ngati muli ndi shuga, BP yokwera, mumasuta, kapena bambo anu kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanakwane zaka 55, musadikire miyezi itatuyo. Bwererani kwa adokotala ndi pepalalo mukakambirane za mankhwala panopa.