Mawu a agogo ndiwo tikufuna, foni yatsopano idikire

"Amalume, ndikapita kumudzi pa holide ndikufuna kukajambula agogo pa vidiyo akufotokoza mbiri ya banja lathu. Koma kamera ya foni yanga siionetsa bwino. Ndisunge ndalama kaye ndigule ina, kapena nditani?"

Ee mphwanga, ndamva. Ndati ndiyankhe ndi mawu pompano pagulu kuti enanso amve, chifukwa kulemba zonsezi zala zingatope. Usagule foni, ndipo usadikire. Agogo ako akula, ntchito imeneyi ndi ya holide ino. Imene uli nayoyo ikwanira, bola usamale mbali ya mawu.

Taganiza zimene agogo akanene. Akatchula mayina a makolo awo, mudzi umene anachokera, mfumu imene inawapatsa malo, ndani anakwatira kwa ndani. Chithunzi chikakhala chamdima pang'ono, tonse tiwazindikirabe, maso amadzazira okha pamene paperewera. Koma dzina likamezedwa ndi phokoso, latayika basi, palibe amene angaliganizire. Mawu wamba munthu umatha kuwalumikiza ndi amene ali pafupi nawo n'kudziwa chimene chanenedwa, koma dzina la munthu amene anamwalira tisanabadwe ulilumikiza ndi chiyani? Komanso vidiyo ukaitumiza pa WhatsApp imafinyidwa, ya foni yodula ndi ya foni yotchipa zimafika zosasiyana kwenikweni. Ndiye ambiri a ife tikamvera pa kasipika ka foni, wina ali m'minibasi, wina akuphika. Mawu akakhala ovuta kumva munthu amatopa msanga, mphindi ziwiri zokha watseka, ngakhale chithunzi chiwale bwanji.

Tsono chinthu chachikulu pa zonse, chimene sichilira ndalama, ndi mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni. Anthu ambiri amaimika foni patali, mwina mamita 2, kuti munthu aoneke yense, n'kuiwala kuti maikolofoni ili m'foni momwemo, nayonso yapita mamita 2. Lamulo lake ndi ili: ukadula mtunda pakati, mphamvu ya mawu ofika pa maikolofoni imawirikiza kawiri. Akatswiri amati yakwera ndi madesibelo 6. Tiye tiwerenge. Kuchoka pa mamita 2 kufika pa mita imodzi, kawiri. Kufika pa masentimita 50, kanayi. Kufika pa masentimita 25, ka 8. Pamene tambala wa kuseri kwa nyumba, chigayo cha kutsidya ndi ana osewera pabwalo, phokoso lawo silinasinthe, chifukwa iwo ali patali chimodzimodzi. Ndiye mawu a agogo akwera ka 8 pamwamba pa phokosolo popanda kugula kanthu.

Palinso china chimene foni imachita yokha. Ikamva kuti mawu akufika ofooka, imadzikwezera, ndipo pokweza imakweza zonse pamodzi. Uzindikira pomvera: agogo akangopuma kaye kuti akumbukire, kumamveka kuti shiii, phokoso la kumbuyo likukwera, akayambanso kulankhula limatsika. Ukamva zimenezo dziwa kuti maikolofoni inali patali. Agogo akonso paja salankhula mokweza, makamaka akafika pa nkhani za maliro mawu amatsikiratu.

Ndiye uchite chonchi. Ubwereke foni yachiwiri, ngakhale yakale yosweka galasi, bola ikhale ndi pulogalamu yojambulira mawu. Pa mafoni ambiri imalembedwa kuti Voice Recorder kapena Sound Recorder. Yakoyo ijambule chithunzi chapatali monga ukufunira, yachiwiriyo ntchito yake ndi mawu okha. Utenge mahedifoni a waya aja oyankhira foni, okhala ndi kabatani pa waya. Pa kabatanipo pali kabowo kakang'ono, imeneyo ndiyo maikolofoni. Uyang'ane kachitsulo kolowetsa m'foni: kakakhala ndi mizere itatu ndiye kuti maikolofoni ilipo, kakakhala ndi iwiri ndi omvera chabe. Kabatani kaja ukamangirire pa bulauzi ya agogo ndi pini kapena chopanira zovala, pachifuwa, pafupifupi chikhatho chotambasula kuchokera pakamwa. Kabowo kayang'ane kunja, kasakhudze nsalu. Foniyo aiike pamiyendo, waya upite mkati mwa chitenje. Ngati avala mikanda kapena korona, uwapemphe mwaulemu aike mkati, chifukwa mkanda ukamakhula pa maikolofoni umamveka kuposa mawu.

Usangokhulupirira kuti poti walowetsa waya ndiye kuti foni ikumvera kumeneko. Mapulogalamu ena, makamaka a kamera, amapitiriza kugwiritsa ntchito maikolofoni ya m'foni. Uyese: yamba kujambula, kanda kabatani kaja ndi chikhadabo, kenako kanda kunsi kwa foni, umvere. Kumene kukanda kwamveka mwamphamvu ndi kumene foni ikumvera. Timaikolofoni topanira pa kolala timene amagulitsa m'mashopu a zipangizo za foni timagwira bwino ndipo si todula, koma nato uone mizere itatu ija, ta mizere iwiri anapangira makamera. Topanda waya totchipa tija ine sinditikonda pa ntchito ngati iyi. Tina timachotsa phokoso mwamphamvu mpaka kudula mathero a mawu a munthu wolankhula motsitsa, ndipo batire ikhoza kutha nkhani ili pakati iwe osadziwa.

Mahedifoni akasowa, foni yachiwiriyo ikhoza kugwira yokha. Maikolofoni yake ili kunsi, pafupi ndi potchajira. Uiike pa kampando pambali pa agogo, kunsiko kuloze kwa iwo, isapitirire masentimita 40. Pansi pake upinde thaulo, chifukwa ikakhala pa thabwa imatola kugunda kulikonse, ngakhale kapu ya tiyi ikaikidwa. Isakhale kutsogolo kwenikweni kwa milomo, ikhale chapambali pang'ono, kuti mpweya wa pa "p" ndi "ph" usamaombe m'kabowo.

Mafoni onse awiri uwaike pa Airplane mode musanayambe. Munthu akaimba pakati, mafoni ena amasiya kujambula, ndipo agogo sangabwereze nkhani ndi mtima womwe uja. Ukayatsa onse awiri, uime pamene kamera ikukuona uombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Podzalumikiza mawu ndi chithunzi mu CapCut kapena pulogalamu ina yokonzera mavidiyo, kuombako kumaoneka ngati kamzere kosongoka pa mawu a mafoni onse awiri. Umangosuntha mpaka timizere tiwirito tikumane, kenako n'kuzimitsa mawu a foni ya kamera. Ukaimitsa kujambula n'kuyambanso, uombenso.

Tsopano malo. Apa ndikudziwa kuti amayi ako akakuuza kuti ujambulire m'nyumba yatsopano ija chifukwa ndi yooneka bwino. Achemwali, mundikhululukire, koma pabalaza paja ndi poipa pa mawu. Pansi simenti, makoma osalala, pamwamba malata opanda siling'i, mipando yochepa. Mawu amagunda khoma n'kubwerera mochedwa pang'ono, ndiye amagwera pa mawu otsatira. Timawu tofooka monga "s", "f" ndi "ts" ndi timene timakwiririka, chonsecho ndi timene timasiyanitsa liwu ndi linzake. Munthu amamveka ngati akulankhulira m'mgolo. Kuyesa kwake n'kosavuta: ima pakati pa chipinda uombe m'manja. Kukamveka kulira kotsalira pambuyo, chipindacho sichabwino. Kukangoti phwa n'kuthera pomwepo, ndi chabwino. Nthawi zambiri chipinda chogona chimapambana, chifukwa muli matiresi, makatani ndi zovala zopachika, zonsezo zimamwa mawu. Nyumba yofolera ndi udzu imaposanso ya malata. Ngati mukakamira pabalaza, yala mphasa ndi bulangete pansi, upachike bulangete lina pa chingwe mbali imene kamera sikuona, ndipo agogo asakhale pakona kapena kutsamira khoma lopanda kanthu. Dziwa kuti mabulangete amachepetsa kubwerera kwa mawu kokha, saletsa phokoso la panja kulowa. Chigayo chikamalira, palibe bulangete lingakuthandize, dikira chizime.

N'chifukwa chake nthawi uisankhe ndi makutu. Tsiku loyamba usajambule, ungomvetsera mudzi: chigayo chimayamba liti, ana amaweruka liti, wailesi ya oyandikana nawo imalira nthawi yanji. Ngati ndi holide ya Disembala, mvula pa malata imaphimba chilichonse, ikayamba imitsani mudzapitirize ikakata. Panja pansi pa mtengo mawu sabwerera, ndi pabwino ndithu, koma mdani wake ndi mphepo. Kamphepo koti iwe sukukalabadira, m'maikolofoni kamamveka kuti bu bu bu, ndipo zimenezo sizichotseka bwino pambuyo. Udule kachidutswa ka siponji ukute kabatani kaja n'kumanga ndi labala, ndipo agogo afulatire kumene mphepo ikuchokera kuti thupi lawo litchinge. Mphepo ikakula siponji imalephera, lowani m'nyumba.

Musanayambe nkhani yeniyeni, ujambule theka la mphindi agogo akukuuza zimene adya m'mawa, kenako umvere ndi mahedifoni m'makutu, osati pa sipika. Umvere zinthu zitatu. Kodi liwu lililonse likumveka osachita kulifunafuna? Kodi pali kukhula kwa nsalu? Nanga akaseka kapena kukweza mawu, kodi akusweka n'kumathetheka? Akamasweka ndiye kuti maikolofoni yayandikira kwambiri, itsitse pang'ono pachifuwapo. Mawu osweka sakonzeka, pamene otsika pang'ono koma oyera timatha kuwakweza. Mapulogalamu ochotsa phokoso alipo, amathandiza pa phokoso losasintha ngati la fani, koma ukawakakamiza mawu a munthu amasanduka achilendo, ndipo ife tikufuna agogo amveke mmene timawadziwira.

Iweyonso podzafunsa mafunso ukhale pafupi nawo kuti funso limveke, koma akamayankha uzingogwedeza mutu. Ndikudziwa kuti mwambo wathu ndi kuvomera kuti "ee, ee, inde agogo", koma mawu ako akagwera pa awo sitingawalekanitse. Uwafotokozere poyamba kuti ukhala chete dala, asaone ngati sukumvetsera. Akatchula dzina lachilendo, dikira amalize, kenako uwapemphe alitchulenso pang'onopang'ono.

Za malo m'foni usade nkhawa ku mbali ya mawu. Pa fayilo ya mawu ya mtundu wa M4A kapena MP3 ya 128 kbps, mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB, ndiye ola lathunthu ndi 60 MB basi. Vidiyo ndi imene imadzaza foni, choncho ika kamera pa 720p, ndi yokwanira. Ukamaliza tsiku lililonse, fayilo ya mawuyo unditumizire ngati Document kuti ifike mmene ilili osafinyidwa, ndipo usaifufute m'foni yobwerekayo mpaka nditakuuza kuti ndailandira ndipo ndaimvera. Mahedifoni a mizere itatu ndili nawo awiri kuno, udzadutse udzatenge usanakwere basi, tidzayesere limodzi pa foni yakoyo.