Agogo a pa chithunzi ndi agogo a m'mawu akhale munthu mmodzi

"Ndimakhala ku Mufakose, mu Harare. Amuna anga kwawo ndi ku Tete, ine makolo anga anachokera ku Ntcheu. Ndalemba kanthano ka ana m'Chichewa ndipo ndikufuna katuluke ndi Chingelezi ndi Chipwitikizi pa tsamba lomwelo. Wojambula ndamupeza, womasulira ndamupeza. Ndiyambe ndi kumasulira kapena ndi zithunzi, kuti mawu asamasemphane ndi zimene mwana akuona?"

Achemwali, musayambe ndi chilichonse mwa ziwirizo. Pali ntchito ina imene iyenera kutsogola, koma ndiloleni ndidzere kaye kutali pang'ono, chifukwa kalata yanu yandikhudza pamtima.

Ine ndinakulira ku Highfield, muno mu Harare. Bambo anabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, mayi ndi a ku Angonia, tsidya lina la malire ku Mozambiki. M'nyumba tinkayankhula Chichewa, pamsewu Chishona, kusukulu Chingelezi, ndipo amalume akabwera kuchokera ku Ulongwe kudzera pa Nyamapanda, ankawerenga ndalama zawo m'Chipwitikizi. Buku la ana la chiyankhulo chathu sindinaligwirepo ndili mwana, kupatula la nyimbo kutchalitchi. Lero malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma pitani m'sitolo za mabuku m'tauni mukafunse nthano ya mwana wa zaka zisanu m'Chichewa, muone mmene akuyang'anireni.

Ndiye munthu wina atatibweretsera timabuku ta ziyankhulo zitatu ku Sande sukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinasangalala kwambiri. Ana anakhala pamphasa, ine n'kuyamba kuwerenga. Pa tsamba lina panali nkhalamba yachimuna, ndevu zoyera, chipewa kumutu, ndodo m'manja. Chichewa chinati agogo akupita kumunda. Palibe vuto. Kamtsikana kena kamene kanayamba sukulu ku Tete kanali kataika chala pa mzere wa Chipwitikizi, ndipo kanadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga agogo aakaziwo ali kuti?" Pa mzere wake panalembedwa "a avó", kutanthauza agogo aakazi. Agogo aamuna ndi "o avô". Kusiyana kwake ndi kachizindikiro ka pamwamba pa chilembo ndi kaliwu ka kutsogolo, koma mwanayo anafunafuna mayi wokalamba pa tsamba lonse, kuseri kwa mtengo, m'khonde, osamupeza. Kuyambira pamenepo anasiya kutsata nkhani, anayamba kusaka zolakwika.

Anthu ena amati n'zazing'ono, ana sazindikira. Ine ndimakana ndithu. Wamkulu amawerenga mawu n'kungoponya diso pa chithunzi. Mwana amene akuphunzira kumene kuwerenga amachita mosiyana: amayamba ndi chithunzi, n'kumayerekeza mawu kuchokera pa zimene waona. Mukamunamiza pa chithunzi mwamuthyolera ndodo yomwe amayendera. Ndipo m'buku la ziyankhulo zitatu mpata wonama ulipo katatu.

Chimene chinachitika m'kabuku kaja n'chosavuta kuchiona. Wolemba anapereka mawu a Chichewa kwa anthu awiri amene sanakumanepo. Chichewa chathu sichikakamiza munthu kunena ngati agogo ndi aamuna kapena aakazi, ngati mwana ndi mnyamata kapena mtsikana, ngati nkhuku ndi thadzi kapena tambala. Chingelezi ndi Chipwitikizi nthawi zambiri zimakakamiza. Wojambula nayenso sangajambule agogo opanda nkhope. Choncho womasulira anasankha zake, wojambula anasankha zake, aliyense ali ndi chikhulupiriro kuti watsata zolembedwa. Palinso msampha wina umene umagwira omasulira amene Chichewa anachiphunzira atakula. Ife timati "agogo akubwera" polemekeza munthu mmodzi. Iye amaona "a" uja n'kuganiza kuti ndi anthu ambiri, n'kulemba agogo awiri, pamene pa chithunzi pali mmodzi. Nkhuku nazo: imodzi ndi nkhuku, khumi ndi nkhuku, chimene chikusiyanitsa ndi "yathawa" ndi "zathawa". Maso akathamanga, nkhuku imodzi ya pa chithunzi imasanduka khola lonse m'Chingelezi.

Nditayamba kulemba kanthano kanga ka ana athu a Sande sukulu, ndinagwirizana ndi msuweni wanga, mphunzitsi wa ku Ulongwe, kuti palibe amene amasulire mawu a mnzake. Tonse tilembera chithunzi. Ndipo apa ndi pamene maganizo anga analimba: buku la zithunzi la ziyankhulo zitatu silimasuliridwa, limalembedwa katatu, aliyense akuyang'ana chithunzi chomwecho.

Pepala lofotokoza tsamba

Musanapereke kanthu kwa wojambula kapena womasulira, dulani nthano yanu m'masamba, ndipo tsamba lililonse mulilembere kandime kofotokoza zimene diso lidzaone. Kandime kameneka sikadzasindikizidwa. Ndi ka inu atatu basi. Kanene kuti pali ndani, wamwamuna kapena wamkazi, zinthu zingati, za mtundu wanji, ndiponso kuti chithunzi chagwira mphindi iti ya nkhani.

Nayi yanga ya tsamba 9. Nkhani ndi ya Takondwa amene wapita ndi agogo ake ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, kukagula nkhuku. Ndinalemba kuti: Takondwa ndi mtsikana wa zaka 6, diresi yofiira, ali kumanja. Agogo ndi aakazi, mmodzi, avala chitenje ndi duku, ali kumanzere, atsegula pakamwa. Nkhuku ndi imodzi, thadzi loyera, ili m'malere, yatuluka kale m'dengu. Dengu lagwa chammbali. Kumbuyo kuli kombi, minibasi ya kuno, yoima.

Mawu oti "yatuluka kale" ndi ofunika kuposa mmene akuonekera. Chithunzi chimagwira mphindi imodzi yokha. Ngati chiyankhulo china chikuti nkhuku ikufuna kuthawa, china chikuti yathawa, china chikuti Takondwa akuithamangitsa, ndiye kuti mwalemba mphindi zitatu pansi pa chithunzi chimodzi. Wojambula atabweretsa chojambula cha pensulo, mizere yathu inatuluka chonchi:

Phururu! Nkhuku yathawa m'dengu. "Igwire, Takondwa!" akukuwa agogo.

Flap, flap! The hen is out of the basket. "Catch her, Takondwa!" shouts Gogo.

A galinha fugiu do cesto! "Apanha-a, Takondwa!", grita a vovó.

Onani kuti mizereyi si yofanana liwu ndi liwu. "Phururu" ndi wathu, Chingelezi chinapeza phokoso lake la mapiko, msuweni wanga anati m'Chipwitikizi n'kwabwino kungofuula ndi chiganizo chenichenicho. Koma zinthu zimene mwana angaloze ndi chala n'zofanana monse: nkhuku imodzi yaikazi, dengu, Takondwa, agogo aakazi amene akukuwa. Kombi sitinaitchule pa tsamba limeneli m'chiyankhulo chilichonse. Lamulo lathu linali lakuti chithunzi chikhoza kunena zambiri kuposa mawu, koma mawu asatchule chinthu chimene palibe, ndipo chiyankhulo chimodzi chisaulule chimene ziwiri zinazo zabisa. Ngati Takondwa aigwira nkhuku pa tsamba 10, Chipwitikizi chisafulumire kunena zimenezo pa tsamba 9. Mwana amatembenuza tsamba chifukwa akufuna kudziwa.

Kombi ija inatikanganitsa pa tsamba lina, ndipo mkangano umenewu inunso mukumana nawo. Kodi mukulembera ana ati? Mwana wa ku Lilongwe amati minibasi, wa ku Mufakose amati kombi, wa ku Tete amati "chapa". Mukapereka ntchito kwa munthu amene Chipwitikizi chake ndi cha ku Brazil, adzakulemberani "ônibus", ndipo chitenje cha agogo sadzachitcha "capulana" monga amachitchulira ku Mozambiki konse. Womasulira wanu akhale wa ku Mozambiki, makamaka amene anaphunzitsapo ana aang'ono. Pa izi sindigonja. Ngakhale Chichewa chenichenicho muyenera kusankhiratu kalembedwe, pakuti ku Mozambiki ndi ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi timalemba ch. Achibale a amuna anu adzaona zimenezo. Ine ndinatsata kalembedwe ka ku Malawi chifukwa ndi kamene kali m'mabuku athu a kutchalitchi, ndipo ndinasiya "kombi" chifukwa nkhani ikuchitikira ku Mbare. Ana athu obadwira kuno Chichewa chawo chili ndi fungo la Chishona, ndipo sindiona chifukwa chowachititsira manyazi m'buku lawo lomwe.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi kuika Chingelezi pamwamba ndi zilembo zazikulu, Chichewa n'kuchikankhira pansi ngati mlendo. Mwana wa ku Harare Chingelezi amachipeza paliponse. Chichewa chikhale pamwamba, pa tsamba lililonse, malo osasintha, kuti diso lizolowere kumene mzere wake umakhala.

Tsono dongosolo lake ndi ili. Pepala lofotokoza masamba choyamba, kenako zojambula za pensulo, kenako mawu a ziyankhulo zitatu, penti pomalizira, chifukwa kufufuta pensulo n'kotchipa. Pepala la A4 likapindidwa limapereka masamba 4 a A5, choncho chiwerengero cha masamba chigawike ndi 4: mapepala 6 ndi masamba 24. Pa kukula kumeneku mawu akhale tsamba la kumanzere, chithunzi chitenge la kumanja, ndipo chiyankhulo chilichonse chisapitirire mawu 15. Uzani wojambula asalembe mawu m'kati mwa chithunzi, ngakhale chikwangwani cha sitolo, poti chidzakhala cha chiyankhulo chimodzi. Zithunzi zisikanidwe pa 300 dpi, ndiye kuti timadontho 300 pa inchi iliyonse. Sankhani zilembo zimene zili ndi ã, ç, ô komanso ŵ ngati mumamulemba. Zilembo zotchedwa Andika ndi zaulere ndipo anazipangira ana oyamba kuwerenga, pulogalamu ya Bloom nayo ndi yaulere ndipo imalola ziyankhulo zitatu pa tsamba limodzi. Kwa osindikiza perekani PDF, musapereke fayilo yoti iwo atsegule n'kusintha zilembo, ndipo muone kope limodzi loyesera musanalipire onse.

Penti isanayambe, tengani zojambula za pensulo zija mupite nazo kwa ana atatu, aliyense ndi chiyankhulo chimene amachidziwa bwino. Werengani mzere mokweza n'kunena kuti, "Loza." Pamene chala chazengereza kapena chaloza china, lembani nambala ya tsambalo, mukhale pansi ndi wojambula ndi womasulira tsiku limodzi, mugwirizane ngati chosintha ndi mawu kapena chithunzi.