Kudula nkhani kuchokera pansi

"Aedita angondichotsera mapalagrafu awiri omaliza, bwanji osayamba afunsa kaye?"

Achimwene, peji ikadzaza nthawi yofunsana palibe, amangodula kuyambira pansi mpaka nkhaniyo ikwane. Ndiye inu zofunika muziika pamwamba. Tinene kuti minibasi yagubuduzika pa Linthipe: palagrafu yoyamba inene anthu angati amwalira, kuti komanso liti, yachiwiri apolisi akuti chachititsa ndi chiyani, kenako ovulala ali chipatala chiti, za mbiri ya ngozi pamsewu wa M1 zibwere kumapeto penipeni poti zimenezo zikachoka owerenga sataya kanthu.

Musanatumize phimbani palagrafu yomaliza ndi dzanja muwerengenso. Nkhani ikumveka? Phimbaninso ina. Mukaona kuti chiwerengero cha omwalira chasowa ndiye kuti munachiika pansi kwambiri, chikwezeni.