Ndinasaina kuti mwana wanga asamangidwe: kodi nyumba yanga yapita?

"Mwana wanga amagwira ntchito pa shopu ina ku Limbe. Abwana ake anati katundu wa K3 miliyoni wasowa, ndipo ndikapanda kusaina kuti ndidzabweza ndalamazo ndi kupereka nyumba yanga ya ku Chilomoni ngati chikole, amutengera kupolisi tsiku lomwelo. Achimwene anga nawonso anandikakamiza. Ndinasaina, ndipo ndalipirako kawiri."

Mayi, pangano lomwe munthu wasaina moopsezedwa silifa lokha. Limakhalabe ndi mphamvu kufikira mwini wake atalikana poyera, kapena khoti litalithetsa, choncho zimene muchite m'masabata akubwerawa ndizo zofunika kwambiri.

Si kukakamiza kulikonse kumene lamulo limakuwerengera. Abwanawo akananena kuti akasumira mwana wanu kukhoti kuti abweze ndalama, umenewo ukanakhala ufulu wawo. Koma kugwiritsa ntchito mantha a kholo oti mwana wake amangidwa, pofuna kuti kholo lisenze ngongole yomwe si yake, ndi nkhani ina. Malamulo athu a mapangano anachokera ku England, ndipo kumeneko, pa mlandu wa Williams v Bayley wa mu 1866, bambo wina anapereka chuma chake ngati chikole ku banki poopa kuti mwana wake, yemwe anabera siginecha yake, azengedwa mlandu. Khoti linathetsa panganolo ngakhale kuti mwanayo analidi wolakwa, chifukwa bamboyo sanavomere mwaufulu.

Za achimwene anu n'zovutirapo. Ubale pawokha sukwanira; muyenera kuonetsa kuti mumawadalira pa nkhani za chuma, ndiponso kuti abwanawo ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, kuti akukupanikizani. Ine ndingatsamire pa chiopsezo cha apolisi, poti n'chosavuta kuchitira umboni.

Chondidetsa nkhawa ndi kulipira kwanu. Munthu akapitiriza kulipira chiopsezo chitatha, khoti limatha kunena kuti wavomereza panganolo, ndipo kuchedwa nakonso kumaononga mlandu: pa mlandu wa Allcard v Skinner wa mu 1887, mayi wina analephera kubwezeredwa chuma chake chifukwa anadikira pafupifupi zaka 6 asanadandaule. Ngati abwanawo ankabwereza za apolisi mwezi uliwonse, sungani mauthengawo, chifukwa akuonetsa kuti munkalipira mantha akadalipo.

Musanalipirenso, onanani ndi loya, kapena a Legal Aid Bureau ngati ndalama zavuta, kuti alembere abwanawo kalata yokana panganolo ndi kufotokoza chifukwa chake. Lembani lero lomwe amene analipo, mawu amene ananenedwa, ndiponso ngati munapatsidwa mpata wowerenga kapena wofunsa loya. Ngati pali zizindikiro zoti nyumbayo igulitsidwa, loyayo apemphe chiletso ku High Court ku Chichiri mwamsanga, chifukwa ikagulidwa ndi munthu wosadziwa za mkanganowu, kuibweza kumavuta kwambiri.

Dziwaninso kuti panganolo likathetsedwa, nkhani ya katunduyo siithera pomwepo: abwanawo angathebe kusumira mwana wanu kapena kukadandaula kupolisi, ndipo iye adzafunika kudziyankhira payekha.