Akakuimika apolisi mumsewu

"Dzulo apolisi anandiimika ku Limbe n'kuyamba kupisa m'chikwama changa. Ndikanatani?"

Achimwene, imani, manja azioneka, musathawe. Funsani mwaulemu kuti, "Bwana, ndalakwa chiyani? Kodi ndamangidwa?" Ngati sanavale yunifolomu, pemphani akuonetseni chiphaso. Chikwamacho tsegulani nokha, maso anu ali pomwepo, ndalama muwerenge mokweza. Ine anandisechapo usiku ndili ndi ndalama za geni, ndinawerenga iwo akuona, sipanasowe kanthu.

Akakumangani, gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino likukupatsani ufulu wokhala chete, komanso akufikitseni kukhoti pasanathe maola 48. Musasaine sitetimenti yomwe simunaiwerenge. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ya fanta musapereke. Zikafika pa selo, m'bale wanu athamangire kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau.